Ketulo ya magetsi kapena gasi: madzi a tiyi amadya ndalama zingati?

M'nyumba zambiri za m'tauni muli ketulo ya magetsi yomwe inaikidwa pamwamba pa kabati n'kuiwalika. Siinafe ayi, koma inaletsedwa. Bambo anaona mayunitsi akutha msanga, kapena eni nyumba anadandaula chifukwa mita ndi imodzi pa poloti yonse, ndipo mlandu unagwera ketulo. Kuyambira pamenepo madzi a tiyi amawiritsidwa pa gasi, poganiza kuti ndiko kusunga ndalama.

Nkhaniyi imafika mpaka kuchipatala. Mwana akabwera ndi matenda otsegula m'mimba, ndimafunsa ngati madzi akumwa amawiritsidwa kunyumba. Yankho lomwe ndalimva kangapo ndi lakuti, "Adokotala, gasi ngodula, ndiye ketulo anatiletsa poti imatha mayunitsi." Choncho madzi a tiyi okha ndiwo amaona moto, akumwa amangomwedwa choncho. N'chifukwa chake lero tiwerengere limodzi, kuti musamayendere mphekesera posankha pakati pa ketulo ndi gasi.

Madzi safunsa kuti moto wachokera kuti

Poyambira ndi apa: lita imodzi ya madzi imafuna mphamvu yofanana kuti iwire, kaya mwaiika pa gasi, pa makala kapena m'ketulo. Madzi a pampopi amakhala pa madigiri pafupifupi 20, ndipo amawira akayandikira madigiri 100. Kuti lita imodzi ikwere kuchoka pa 20 kufika pa 100 pamafunika mphamvu yokwana 0.093 ya yunitsi imodzi ya magetsi. Kunena mosavuta, ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi, kuchepera pang'ono.

M'malo okwera ngati Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, osati 100, ndipo m'mawa wa mu Juni amayamba ali ozizira kuposa mu Okutobala. Zimenezi zimasintha chiwerengerochi pang'ono chabe, ndiponso zimakhudza ketulo ndi gasi mofanana.

Kusiyana kumabwera pa mafunso awiri. Loyamba: mwa mphamvu yomwe mwalipira, ndi yochuluka bwanji imene imalowadi m'madzi? Lachiwiri: mphamvuyo mwaigula pa mtengo wanji?

Mu ketulo, chitsulo chotenthetsa chimakhala m'madzi momwemo kapena pansi pake penipeni, choncho kutentha kulibe kothawira kwambiri. Pa magawo 100 alionse a magetsi, pafupifupi 85 amalowa m'madzi. Otsalawo amatenthetsa ketulo yeniyeniyo ndi kutuluka ngati nthunzi. Pa gasi zinthu n'zosiyana. Ikani dzanja chapatali pang'ono pambali pa poto yomwe ili pamoto, mumva mpweya wotentha ukukwera. Kutentha kumeneko mwakulipira, koma kukutenthetsa khitchini, osati tiyi. Pa mbaula wamba ya gasi, theka kapena kuchepera ndilo limalowa m'madzi. Tingoti magawo 45 pa 100.

Tikaphatikiza zotayikazo, lita imodzi m'ketulo imadya pafupifupi 0.11 ya yunitsi. Kutanthauza kuti yunitsi imodzi imawiritsa malita 9. Pa gasi, lita imodzi imadya magalamu pafupifupi 16, choncho kilogalamu imodzi ya gasi imawiritsa malita pafupifupi 60. Sungani manambala awiriwa, poti nkhani yonse yagona pamenepa.

Nanga 2000W yolembedwa pansi pa ketulo?

Chomwe chimaopsa anthu ambiri ndi nambala yomwe ili pansi pa ketulo: 1500W, 2000W kapena 2200W. Poyerekeza ndi babu kapena wailesi yakanema, nambalayi ndi yaikuludi. Koma mawati amangonena liwiro limene chipangizo chimakokera magetsi, osati kuchuluka kwa magetsi omwe chadya. Munthu wothamanga kwa mphindi 3 sapita kutali kuposa woyenda pang'onopang'ono kwa maola awiri.

Yunitsi imodzi, yomwe pa mita ndi pa risiti imalembedwa kuti kWh, ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola lathunthu. Ketulo ya 2000W ikanati iziyaka ola lonse ikanadya mayunitsi awiri. Koma lita imodzi imawira pa mphindi 3 ndi theka basi, ndipo mphindi zimenezo ndi pafupifupi 0.12 ya yunitsi. Babu lakale lija la mawati 60 likayaka maola awiri ladya chimodzimodzi. Amene amaletsa ketulo koma n'kusiya babu lotere likuyaka pakhonde usiku wonse, akulondera khomo lolakwika.

Pachifukwa chomwecho, ketulo ya mawati ochepa siisunga magetsi. Ya 1500W imangotenga nthawi yaitali kuti iwiritse lita yomweyo, ndipo mayunitsi omwe yadya pomaliza amakhala pafupifupi omwewo.

Lamulo la 7

Mitengo ya magetsi ndi ya gasi imaikidwa ndi bungwe la MERA ndipo imasinthasintha, choncho mtengo womwe mwamva lero mawa ukhoza kukhala wina. Koma pali njira yomwe siikalamba. Taona kuti kilogalamu ya gasi imawiritsa malita pafupifupi 60, ndipo yunitsi imawiritsa malita 9. Ndiye kuti pa ntchito yowiritsa madzi, kilogalamu imodzi ya gasi ndi yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 7.

Tengani risiti ya Escom yomwe munagulira mayunitsi, kapena uthenga wa pafoni womwe unabwera ndi manambala olowetsa pa mita. Gawani ndalama yonse yomwe munalipira ndi mayunitsi omwe munalandira. Imeneyo ndiyo ndalama yeniyeni ya yunitsi imodzi kwa inu, msonkho uli momwemo. Ngati mumagula kangapo pamwezi, gwiritsani ntchito risiti yomwe munapatsidwa mayunitsi ochepa pa ndalama yanu, kuti musadzinamize ndi mtengo wotsika. Kenako chulukitsani ndalamayo ka 7. Yankho lake liyerekezeni ndi mtengo wa kilogalamu imodzi ya gasi komwe mumadzazitsa silinda. Ngati kilogalamu ya gasi ikudula kuposa mayunitsi 7, ketulo ndiyo yotchipa. Ngati mayunitsi 7 akudula kuposa kilogalamu ya gasi, wiritsani pa gasi.

Nambala 7 si yokhomedwa ndi msomali. Amene amasamala kwambiri pa gasi, povundikira poto ndi kuchepetsa moto, kwa iye ikhoza kufika 8 kapena 9. Amene amawiritsa pamphepo, poto ili yosavundikira, kwa iye imatsika kufika 5. Ngati yankho lanu silikusintha ngakhale mutachulukitsa ka 5 komanso ka 9, palibenso chokayikitsa.

Tiyeni tiwerengere banja limodzi

Mitengo yomwe ndigwiritse ntchito pano ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo ya pa risiti yanu. Tinene kuti banja la anthu 6 linalipira K10,000 n'kulandira mayunitsi 80. Yunitsi imodzi ndiye kuti ndi K125. Tinenenso kuti gasi amagula K4,000 pa kilogalamu, kutanthauza K4 pa galamu.

Mayunitsi 7 pa K125 ndi K875. Kilogalamu ya gasi ndi K4,000. Ngakhale titachulukitsa ka 9 tipeza K1,125, yomwe ikadali kutali ndi K4,000. Pa mitengo yotere ketulo yapambana patali. Lita imodzi m'ketulo ikudya pafupifupi K14, pamene pa gasi ikudya K64.

Banjali limawiritsa malita awiri a tiyi m'mawa ndi lita imodzi madzulo. Pamwezi ndi malita 90. M'ketulo amenewa ndi mayunitsi 10, ndalama yake K1,250. Pa gasi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndalama yake K5,760. Poletsa ketulo, banjali likutaya K4,500 mwezi uliwonse, uku likukhulupirira kuti likusunga. Chomwe chimabisa zimenezi n'chakuti mita imaonetsa manambala akutsika tsiku ndi tsiku, pamene silinda imakhala chete mpaka tsiku lomwe moto uzimire nsima ili pamoto.

Tsopano tionjezepo madzi akumwa. Ngati banja lomweli liwiritsa malita 10 patsiku, pamwezi ndi malita 300. M'ketulo ndi mayunitsi 33, pafupifupi K4,125. Pa gasi ndi makilogalamu 4.8, K19,200, pafupifupi silinda yonse ya makilogalamu 6 kuthera pa madzi okha. Mayi amene amati kuwiritsa madzi akumwa pa gasi sangakwanitse akunena zoona. Koma njira yotchipa ija ili pamwamba pa kabati.

Yesani nokha kunyumba

Simukuyenera kungokhulupirira manambala anga. Ngati muli ndi mita yolipiriratu, zimitsani zonse m'nyumba, kuphatikizapo firiji, n'kulemba nambala ya mayunitsi yomwe ikuoneka. Thirani lita imodzi yoyeza bwino m'ketulo, mwachitsanzo mabotolo awiri a theka la lita, n'kuyatsa. Ikazima werenganinso. Ngati inali 23.46 n'kufika 23.35, ketulo yanu yadya 0.11. Ngati mita yanu siionetsa manambala ang'onoang'onowo, kapena ndi ya poloti yonse, gwiritsani ntchito wotchi ya pafoni. Chulukitsani mawati olembedwa pansi pa ketulo ndi mphindi zomwe yatenga, kenako gawani ndi 60,000. Mawati 2,000 kuchulukitsa ndi mphindi 3.5, kugawa ndi 60,000, ndi 0.12.

Gasi amayezedwa pa sikelo, koma magalamu 16 ndi ochepa kwambiri moti sikelo yopachika, ngati ya ogula chimanga, singawaone. Choncho tsekani silinda, ipimeni, kenako kwa masiku angapo muziigwiritsa ntchito powiritsa madzi okha, mukulemba malita onse. Mukafika malita 30 ipimeninso. Muyenera kupeza kuti yapepuka ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Ikapepuka kwambiri kuposa pamenepo, gasi akutayika penapake. Pakani thovu la sopo polumikizira paipi. Pakamatuluka timathovu tokula, pakudontha. Musayese ndi machesi.

Momwe ketulo imatayira ndalama

Ketulo imakhala yotchipa ikamagwiritsidwa ntchito bwino, ndipo cholakwika chachikulu ndi kuidzaza. Makapu awiri a tiyi ndi theka la lita, koma ambirife timadzaza mpaka pa mzere wa malita 1.7. Madzi otsalawo amazizira, ndipo masana timawawiritsanso. Ngati muchita zimenezi katatu patsiku, mukuwiritsa malita oposa 100 pamwezi omwe palibe wamwa. Amenewo ndi mayunitsi 12, kuposa omwe banja lija limagwiritsa ntchito pa tiyi wa mwezi wonse. Yezani madzi ndi kapu yomwe mumwere, bola asachepere mzere wolembedwa MIN. Akatsala, athireni mu fulasiki kapena m'chigubu cha madzi akumwa.

Chachiwiri ndi chivundikiro. Ketulo imadzizimitsa yokha chifukwa nthunzi imadutsa m'kanjira kopita ku switchi. Chivundikiro chikakhala chotsegula kapena chothyoka, nthunzi imathawira kumwamba ndipo ketulo imangobwata osazima. Mphindi 3 zilizonse zoonjezera zimadya magetsi okwana kuwiritsa lita ina. Madzi akauma, chitsulo chimapsa, ndipo apa pali ngozi ya moto. Ketulo yomwe yasiya kudzizimitsa ikonzedwe kapena isiyidwe.

Chachitatu chimakhudza omwe amatunga pa mjigo. Madzi ena a pansi amasiya zoyera zolimba ngati laimu m'kati mwa ketulo. Zikachuluka, ketulo imachedwa, imachita phokoso, ndipo chitsulo chimafa msanga. Wiritsani madzi osakaniza ndi vinega kapena madzi a mandimu, asiyeni kwa ola limodzi, n'kutsuka bwino. Ndalama ya ketulo yatsopano imafafaniza zomwe munasunga kwa miyezi ingapo, choncho kuisamala kuli m'gulu la masamu omwewa.

Momwe gasi amatayikira

Pa gasi, mdani woyamba ndi moto wopitirira pansi pa poto. Malawi akamanyambita m'mbali, mbali yaikulu ya kutentha ikupita kudenga. Poto yotakata pansi, pa moto wapakatikati, imadya gasi wochepa kusiyana ndi kapoto kakang'ono pa moto waukulu. Wachiwiri ndi kusavundikira, poti nthunzi iliyonse yomwe yatuluka yanyamula kutentha. Wachitatu ndi mphepo: pakhonde malawi amapendekera kumbali ndipo madzi amachedwa. Wachinayi ndi kuiwala. Gasi sadzizimitsa, ndiye mukapita kukasambitsa mwana, madzi amabwata mphindi 10 popanda phindu.

Yang'ananinso mtundu wa malawi. Abwino amakhala a buluu. Akakhala achikasu n'kumadetsa poto ndi mwaye, gasi sakupsa mokwanira, nthawi zambiri chifukwa timabowo ta mbaula tatsekeka. Pamenepo mukutaya ndalama, komanso moto wotere umatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, womwe umayambitsa mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo umapha m'chipinda chotseka. Tsukani timabowoto mbaula itazizira, ndipo tsegulani zenera nthawi zonse pophika.

Pomwe gasi amakhalabe ndi malo

Magetsi akazima, masamu onsewa amaima. Choncho musataye mbaula ya gasi. Chanzeru ndi kuwiritsa m'ketulo magetsi akadalipo n'kusunga madzi mu fulasiki. Ngakhale atazirala pang'ono, kuwatenthetsanso pa gasi kumadya pang'ono poyerekeza ndi kuyamba ndi ozizira.

Tiyi wa mkaka wophikira limodzi ndi masamba amafunanso poto, chifukwa mkaka umapserera m'ketulo ndi kusefukira. Apa gwiritsani ntchito zonse ziwiri: wiritsani madzi m'ketulo, athireni m'poto, onjezani mkaka ndi masamba, n'kumalizitsa pa gasi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndi njira yomweyo pa phala la mwana ndi madzi a nsima.

Ngati magetsi anu ndi a jenereta, yunitsi yake imadula kwambiri chifukwa cha mafuta, ndipo nthawi zambiri gasi ndiye amapambana. Sola yaing'ono ya panyumba nayo siikwanitsa kukoka mawati 2,000. Muthanso kumva kwa achibale a ku Britain kuti kwawoko gasi ndiye wotchipa. Sakunama, koma gasi wawo ndi wa m'mapaipi, yemwe amagulitsidwa motsika kwambiri poyerekeza ndi magetsi. Wathu ndi wa m'masilinda, wochokera kunja kwa dziko. Malangizo a kumeneko musawatengere kuno musanachulukitse ka 7.

Kwa makolo ndi mavolontiya a zaumoyo

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unali waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, unatikumbutsa kuti madzi ooneka oyera akhoza kudwalitsa. Ena amafunsa ngati ketulo imapha tizilombo poti imazima msanga. Imapha. Madzi akafika pobwata mwamphamvu, tizilombo ta kolera, tayifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba timakhala tafa, ngakhale kumalo okwera komwe amawira pa madigiri 96. Vuto limabwera pambuyo pake. Asiyeni azizire ali ovundikira, asungeni m'chigubu choyera cha kukamwa kochepa, ndipo muzichita kuthira, osati kuviikamo kapu. Komwe kulibe magetsi, kuthira kolorini monga momwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsira kumatchipa kuposa kuwiritsa pa gasi.

Ngozi ina ndi kupsa. Ana ang'ono omwe timawalandira atapsa, ambiri amakhala kuti akhuthukiridwa madzi otentha, tiyi kapena phala. Ketulo ikhale pamwamba, chingwe chake chisalendewere pomwe mwana wokwawa angakoke. Ilumikizeni pa soketi ya pakhoma, chifukwa imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo zingwe zoonjezera zotchipa zimatentha mpaka kusungunuka. Pulagi ikamatentha kapena kununkha pulasitiki, zimitsani. Mbaula ya gasi ya pamwamba pa silinda imakhala pansi, pamsinkhu wa mwana, ndiye musachokepo madzi ali pamoto. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, vulani zovala zomwe sizinamatirire pakhungu, phimbani ndi nsalu yoyera, n'kuthamangira kuchipatala. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta.

Mukamayendera mabanja, musayambe ndi kudzudzula kuti sawiritsa madzi. Pemphani risiti ya mayunitsi, funsani mtengo wa gasi, n'kuwerengera nawo limodzi papepala. Ngati vuto ndi mita ya poloti yonse, pepala lomwelo lipite kwa eni nyumba. Banja lowiritsa malita 3 patsiku limaonjezera mayunitsi 10 okha pamwezi, ndipo limeneli ndi gawo lomwe lingathe kulipira poyera, m'malo mobisa ketulo pamwamba pa kabati.